Mmene mungafufuzire bilu ya ntchito yomanga musanasainirane ndi kontirakitala

Mikangano yambiri yapakati pa mwini nyumba ndi kontirakitala muno mu Lilongwe imabuka khoma litafika pa ringibimu, konkire yozungulira pamwamba pa khoma. Womanga akuti "izi m'bilu munalibe, muwonjezere ndalama", mwini nyumba akuti "tinagwirizana nyumba yonse". Onse awiri amakhala akunena zoona, chifukwa cholakwika chinalowa kale m'pepala lomwe anasainirana. Bilu ya ntchito, yomwe amisiri amangoti biokyu, anthu ambiri amaiwerenga poyang'ana ndalama ya pamapeto basi. Kufufuza kwenikweni kumayambira pa pulani, ndipo mitengo imabwera komalizira.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: nyumba ya mabuloko a simenti yotalika mamita 12, mulifupi mamita 9 kuyeza kunja, ya denga la mbali ziwiri lokhala ndi gebulo uku ndi uku, ngati zomwe zikumangidwa ku Eliya 49 kapena ku Likuni.

Zofunika kukhala nazo pa tebulo

- Bilu yonse, masamba onse, pamodzi ndi tsamba la pamapeto lophatikiza ndalama
- Mapulani onse: ya pansi, yoonetsa nyumba mbali zonse, yodula nyumba pakati, ya denga, ndi zojambula za injiniya ngati zilipo
- Mndandanda wa zitseko ndi mawindo
- Kakyuleta, pensulo ndi mapeni a mitundu iwiri
- Pepala lopanda kanthu lolembapo mafunso
- Ngati bilu inakonzedwa pa kompyuta, pemphani fayilo yake ya Excel, osati chithunzi chokha

Gawo 1: Tsimikizani kuti bilu ndi pulani ndi za nyumba imodzi

Yang'anani tsiku ndi nambala ya pulani pakona ya pansi, muyerekeze ndi zomwe zalembedwa pa bilu. Zimachitika kawirikawiri kuti bilu inawerengedwa pa pulani yoyamba, kenako mwini nyumba anawonjezera khonde kapena chimbudzi cha kuchipinda chachikulu, kapena a Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe anapempha kusintha china asanadinde. Mukapeza kuti masiku akusiyana, lekani kaye. Kufufuza bilu ya pulani yakale n'kutaya nthawi.

Chenjezo: gwiritsani ntchito miyezo yolembedwa pa pulani. Musayeze ndi lula pa pepala la fotokope, chifukwa makina amachepetsa kapena kukulitsa chojambula ndipo sikelo imasokonekera.

Gawo 2: Dziwani kuti mwagwira pepala la mtundu wanji

Kuno kwathu dzina loti biokyu timalitchula pa mapepala awiri osiyana. Loyamba ndi mndandanda wogulira zipangizo: matumba a simenti angati, mabuloko angati, matiripi a mchenga angati. Lachiwiri, lomwe ndi bilu yeniyeni, limayeza ntchito yomalizidwa: khoma masikweya mita angati, konkire makiyubiki mita angati. Mu bilu yeniyeni muyezo umakhala wa ntchito yomwe yaima pamalo pake, popanda kuwonjezerapo zosweka, zodula kapena zopingana. Zimenezo kontirakitala amaziika mu mtengo wake wa pa mita imodzi.

Kusiyana kumeneku kumasintha kafufuzidwe konse. Pa mndandanda wogulira, mabuloko owonjezera pang'ono a zosweka ayenera kukhalapo. Mu bilu yeniyeni, mukapeza kuti muyezo wa khoma wakwezedwa "chifukwa cha zosweka", ndiye kuti mukulipira zosweka kawiri.

Gawo 3: Fufuzani zosiyidwa poyambira pa pulani

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaphonya. Amawerenga bilu mzere ndi mzere n'kumavomereza ndi mutu, koma chinthu chomwe chinasiyidwa sichingaoneke pa pepala lomwe sichinalembedwe. Tembenuzani bilu iyang'ane pansi. Tengani pulani yodula nyumba pakati, muyimange nyumbayo m'maganizo kuchokera pa dothi mpaka pa riji, ndipo chilichonse chomwe mwakumana nacho muchilembe pa pepala lanu. Mukatha, tsegulani bilu muzichonga chimodzichimodzi, kwinaku mukupaka mtundu pa pulani pa chilichonse chomwe mwachipeza. Malo otsala oyera pa pulani ndiwo mafunso anu.

Pansi pa nthaka ndi pomwe pamabisala zambiri. Kulambula malo ndi kuchotsa dothi la pamwamba, kukumba maziko, kubwezera dothi m'mbali mwa khoma la maziko, ndi kutaya dothi lotsala ndi ntchito zinayi zosiyana, ndipo ziwiri zomalizazo zimaiwalika. Pansi pa silabu payenera kupezeka miyala kapena dothi lotsindira, mchenga wosalazira, mankhwala a chiswe, ndi pulasitiki yotchinga chinyontho. Mankhwala a chiswe ndimawafufuza poyamba penipeni, chifukwa silabu ikathiridwa simungathe kubwerera pansi pake, ndipo chiswe cha mu Lilongwe chimakwera mpaka kukadya mitengo ya denga. Onaninso lamba wakuda wotchinga chinyontho yemwe amayalidwa pa mzere woyamba wa mabuloko, komanso waya wa bulikifosi wa m'mizere.

Lamulo lothandiza pa konkire yolimbitsidwa ndi lakuti imayenda ndi anzake awiri. Paliponse pomwe mwaona konkire ya ringibimu, ya lintala ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo, kapena ya mzati, funani mizere itatu: konkire yokha, zitsulo, ndi matabwa otchingira pothira. Umodzi ukasowa, mwapeza chosiyidwa. Pa nyumba yathu ija, mitu ya zitseko ndi mawindo ili pa mamita 2.1 pomwe ringibimu ikuyambira pa mamita 2.6, ndiye kuti chitseko chilichonse ndi windo lililonse likufunika lintala yakeyake. Khoma la kunja lili ndi malo otere khumi. Bilu ikangotchula ringibimu yokha, malintala khumiwo adzabwera ngati ndalama yowonjezera.

Zina zimayendanso pawiri. Chitseko chimafuna felemu, mahinjesi, loko ndi penti. Windo limafuna magalasi ndi zitsulo zotchinga akuba. Malata amafuna riji, misomali kapena masikuluu ake, ndi matabwa a m'mphepete mwa denga. Matailosi amafuna pansi posalazidwa ndi simenti.

Pomaliza tulukani panja pa nyumba. Sepitiki thanki, dzenje lomwetsa madzi, mamanihoo, mapaipi ochokera ku nyumba kukafika kumeneko, konkire yozungulira nyumba yoteteza maziko ku madzi a mvula, ndi kulumikiza madzi a Lilongwe Water Board ndi magetsi a ESCOM. Si zonse zomwe ziyenera kukhala za kontirakitala, koma bilu inene poyera kuti izi zilimo kapena mulibe.

Gawo 4: Werengani mafotokozedwe ngati munthu wofuna kuzemba

Pa mzere uliwonse dzifunseni funso limodzi: makontirakitala awiri osadziwana atawerenga mawu awa, kodi angagule chinthu chofanana? Ngati yankho ndi ayi, mzerewo sunafotokozedwe mokwanira, ndipo yemwe wapereka mtengo wotsika nthawi zambiri amakhala kuti wasankha chipangizo chotsika.

Tengani mzere womwe wangoti "malata a denga". Sunanene ngati ndi a IBR kapena a mizere yozungulira wamba, ngati ndi opaka mtundu kapena oyera, ndipo sunanene kukhuthala kwake. Pa msika pali malata opyapyala oti mmisiri akapondapo amabonyoka, ndi ena olimba, onse akutchedwa malata. Mzere wabwino umatchula mtundu, kukhuthala m'mamilimita, mtundu wa utoto, ndi zomangira zake. Mawu oti "geji 28" paokha ndimawakayikira, chifukwa ogulitsa sagwirizana pa kukhuthala komwe amatcha dzina limeneli. Pemphani kuti mamilimita alembedwe.

Mzere wa "khoma la mabuloko" unene kukhuthala kwa buloko, kaya ndi mamilimita 100, 150 kapena 200, ngati ndi lamabowo kapena lopanda mabowo, kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga m'matope omangira monga 1:4 kapena 1:6, ndi kuti bulikifosi ikuikidwa pa mizere ingati iliyonse. Ngati nyumbayo ndi ya boma, ya bungwe kapena ya malonda, kumbukirani kuti malamulo a 2018 a bungwe loyang'anira ntchito zomanga la NCIC analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zotere, choncho mawu oti "njerwa" okha pa bilu yotere ndi ofunika kuwafunsa.

Mzere wa konkire unene mphamvu yake kapena kasakanizidwe ka simenti, mchenga ndi miyala. Konkire ya 1:3:6 ndi ya 1:2:4 zimasiyana kwambiri pa kuchuluka kwa simenti, ndipo zikauma maso sangazisiyanitse. Pulasitala inene kukhuthala kwake ndi kamalizidwe kake, penti inene kuti ndi makoti angati ndiponso ya mtundu wanji, matabwa a denga anene kukula kwake ndi kuti ndi othiridwa mankhwala.

Chenjezo: samalani ndi mawu atatu omwe amapezeka m'mabilu olembedwa m'Chingerezi. `Ditto` amatanthauza "monga mzere wa pamwamba", koma wina akalowetsa mzere watsopano pakati, mawuwa amayamba kuloza chinthu china. `Item` kapena `Sum` amatanthauza kuti ntchito yonse yapatsidwa mtengo umodzi popanda muyezo. Pa zinthu zing'onozing'ono palibe vuto, koma mukaona mapaipi onse a madzi kapena mawaya onse a magetsi aunjikidwa pa mzere umodzi wotere, pemphani aphwanyidwe: masoketi angati, maswichi angati, masinki angati. `Provisional` amatanthauza kuti muyezo kapena ndalamayo ndi yongoyerekeza, idzayezedwanso ntchito ikachitika. Pa maziko zimenezi n'zoyenera, makamaka pa malo a dothi lakuda la kudambo pomwe simudziwa kuti mukumba mpaka pati musanapeze nthaka yolimba. Chofunika n'chakuti mtengo wa pa kiyubiki mita imodzi ulembedwe, kuti podzayezanso pasadzakhale kukangana.

Gawo 5: Yezaninso mizere yodya ndalama zambiri

Simukuyenera kuyezanso bilu yonse. Sankhani mizere yomwe yanyamula ndalama zambiri, yomwe pa nyumba wamba imakhala khoma, denga, konkire, zitsulo ndi pulasitala.

Yambani ndi kutalika kwa mzere wapakati pa khoma, chifukwa miyezo yambiri imachokera pamenepo. Kuzungulira nyumba yathu kunja ndi 12 + 9 + 12 + 9, zomwe zikukwana mamita 42. Koma mukayeza kunja, ngodya iliyonse mwaiwerenga kawiri. Chotsani kukhuthala kwa khoma, komwe ndi mamita 0.2, kanayi:

```
42 - (4 x 0.2) = 41.2 m
```

Khoma kuchokera pa silabu kufika pansi pa ringibimu ndi mamita 2.6, kutanthauza mizere 13 ya mabuloko. 41.2 kuchulukitsa ndi 2.6 ikupereka masikweya mita 107.12. Tsopano chotsani malo omwe palibe khoma. Zitseko ziwiri za 0.9 ndi 2.1 ndi 3.78. Mawindo asanu ndi limodzi a 1.5 ndi 1.2 ndi 10.8. Timawindo tiwiri ta kubafa ta 0.6 ndi 0.6 ndi 0.72. Zonse pamodzi ndi 15.3, ndipo khoma lotsala ndi masikweya mita pafupifupi 91.8, tisanachotse kagawo kakang'ono ka malintala.

Tiyerekeze kuti bilu yalemba 109. Nambala imeneyi ikudziulula yokha: ndi 42 kuchulukitsa ndi 2.6. Woyezayo anagwiritsa ntchito muyezo wa kunja ndipo sanachotse zitseko ndi mawindo. Kusiyana kwake ndi masikweya mita 17 ndi pang'ono. Buloko la mamilimita 400 ndi 200 limalowa 12.5 pa sikweya mita imodzi, choncho mukulipira mabuloko opitirira 200 omwe sadzamangidwa, pamodzi ndi simenti, mchenga ndi malipiro a mmisiri.

Musafulumire kukondwa kuti mwapulumutsa ndalama. Yang'anani pamwamba pa ringibimu. Nyumbayi ili ndi magebulo awiri, lililonse mamita 9 mulifupi ndi mamita 1.6 msinkhu pakati. Gebulo ndi la ngodya zitatu, ndiye timachulukitsa 9 ndi 1.6 n'kugawa pawiri, kupeza 7.2. Awiri ndi 14.4. Mukaphatikiza ndi 91.8 mukupeza 106.2, yomwe ili pafupi kwambiri ndi 109 ya m'bilu. Munthu wongoyang'ana mwachangu anganene kuti bilu ili bwinobwino. Koma ngati mzerewo ukunena za khoma "kufika pa ringibimu", magebulo mulibe. Kontirakitala adzalandira ndalama ya 109, kenako adzabwera moyenerera ndithu kudzapempha ya magebulo 14.4 ngati ntchito yowonjezera. Zolakwika ziwiri zikaphimbana chonchi sizifafanizana, ndipo n'chifukwa chake muyezo ndi mafotokozedwe ake ziyenera kuwerengedwa limodzi.

Denga ndi malo achiwiri omwe amapusitsa. Bilu ikalemba masikweya mita 108, dziwani kuti woyezayo anangotenga 12 kuchulukitsa ndi 9, kukula kwa pansi pa nyumba. Denga ndi lopendekeka ndipo limatulukira kunja kwa khoma. Pa theka la nyumba, mamita 4.5, denga likukwera mamita 1.6, choncho kutalika kwa mopendekeka ndi:

```
√(4.5² + 1.6²) = 4.78 m
```

Izi zikutanthauza kuti mita iliyonse ya pansi ndi pafupifupi mamita 1.06 pa denga. Denga likutulukira mamita 0.6 kunja kwa khoma, ndiye 4.5 ndi 0.6 ndi 5.1, kuchulukitsa ndi 1.06 tikupeza pafupifupi 5.41. M'litali denga likutulukira 0.3 ku gebulo lililonse, kukhala 12.6. Mbali ziwiri: 2 x 5.41 x 12.6, pafupifupi masikweya mita 136. Bilu yaperewera ndi 28, ndipo kuperewera komweko kudzapezekanso pa mitanda yokhomerapo malata. Ngati mukufufuza mndandanda wogulira, lata la IBR limaphimba mamilimita 686 mulifupi likapingana ndi linzake. Gawani 12.6 ndi 0.686, mupeza 18.4, kutanthauza malata 19 mbali imodzi, 38 denga lonse. Wogawa ndi mulifupi wonse wa lata, osachotsa popingana, amapezeka malata amuthera denga lisanatseke, mvula ya Novembala itayamba kale.

Zitsulo m'bilu zimayezedwa m'makilogalamu pomwe ku hadiweya timagula zotalika mamita 12. Ringibimu ya khoma la kunja yokhala ndi zitsulo zinayi za mamilimita 12 zotchedwa Y12 ikufuna 4 x 41.2, mamita 164.8. Chitsulo cha Y12 chimalemera makilogalamu 0.888 pa mita, ndiye ndi makilogalamu pafupifupi 146. Mukaona 165 kg, n'kutheka kuti wina analemba mamita pa malo a makilogalamu. Onaninso kuti timaringi tomanga zitsulo zinayizo tili ndi mzere wake.

Gawo 6: Yerekezani mizere yomwe iyenera kufanana

Iyi ndi njira yachangu yogwirira zolakwika popanda kuyeza. Pulasitiki ya pansi pa silabu, mankhwala a chiswe, mesi ya waya ndi silabu yeniyeniyo ziyenera kukhala ndi masikweya mita oyandikana. Siling'i iyandikane ndi matailosi a pansi. Penti ya mkati iyandikane ndi pulasitala ya mkati, kuchotsapo malo a matailosi a kubafa ndi kukhitchini. Makoma a mkati mwa nyumba amapakidwa pulasitala mbali zonse ziwiri, choncho pulasitala yake ikhale pafupifupi kawiri kukula kwa khomalo. Mafelemu, zitseko ndi maloko ziwerengeke mofanana. Dothi lokumbidwa lifanane ndi lobwezeredwa kuphatikiza lotayidwa.

Yang'anitsitsaninso danga la miyezo. Silabu ya mamita 12 ndi 9 yokhuthala mamilimita 100 ndi 108 m² kapena 10.8 m³. Wina akalemba 108 koma n'kuika m³, ndipo kontirakitala n'kuikapo mtengo wa kiyubiki mita, mzerewo wakwera kakhumi.

Gawo 7: Masamu a ndalama

Tsopano ndi pomwe mungayang'ane mitengo. Chulukitsani muyezo ndi mtengo pa mzere uliwonse, phatikizani tsamba lililonse, ndipo onani kuti ndalama ya pansi pa tsamba ndi yomweyo yomwe yasamutsidwira ku tsamba lomaliza. Mu Excel dinani pa bokosi la ndalama muone ngati muli fomula monga `=D12*E12` kapena nambala yongotaipidwa ndi manja. Dinaninso pa bokosi lophatikiza. Ngati likuti `=SUM(F8:F41)` pomwe mizere ikufika pa 44, mizere itatu yomaliza sinawerengedwe, ndipo zimachitika wina akawonjezera mizere kumapeto. Fufuzani ngati pali mizere yobisidwa.

Pa tsamba lomaliza onani ngati msonkho wa vati uli mkati kapena kunja kwa ndalama yonse, ngati pali ndalama yosungira zadzidzidzi, ndiponso ngati zoyambirira monga mlonda, shedi yosungira simenti, madzi omangira ndi masikafodi zapatsidwa mtengo. Mzere wosiyidwa wopanda mtengo mufunse. Ma kontirakiti ambiri amautenga kuti mtengo wake uli kale m'mizere ina, koma ndi bwino womangayo avomereze zimenezo polemba.

Gawo 8: Lembani mafunso, musakonze nokha

Pa pepala lanu lembani nambala ya tsamba ndi ya mzere, zomwe bilu yanena, zomwe inu mwapeza, ndi masamu anu. Mwachitsanzo: "Tsamba 4, mzere C, khoma la kunja. Bilu 109, ine ndapeza 91.8 nditachotsa zitseko ndi mawindo. Magebulo 14.4 sindikuwaona paliponse." Perekani pepalali kwa yemwe anakonza bilu kuti ayankhe polemba ndi kutulutsa bilu yatsopano yokhala ndi tsiku latsopano. Ngati mukupikisanitsa makontirakitala angapo, onse alandire bilu yokonzedwayo nthawi imodzi.

Zolakwika zomwe ofufuza amachita kawirikawiri

Chachikulu ndi kufufuza mbali imodzi yokha. Mwini nyumba amasaka mizere yomwe yakwezedwa, akapeza yoperewera amakhala chete poganiza kuti wapindula. Denga loperewera ndi masikweya mita 28 lidzafolereredwabe, ndipo ndalama yake idzafunika pa nthawi yomwe thumba lapyapyala kale ndipo mitengo ya malata yasintha. Kontirakitala yemwe mwamukakamiza kumeza kusiyanako amakabwezera pa simenti ya m'pulasitala, pomwe inu simudzaona mpaka ikayamba kufumbutuka.

China ndi kuiwala makoma a mkati pofufuza maziko ndi ringibimu. Chitsanzo chathu chinayeza khoma la kunja lokha. Makoma a mkati amayezedwa kuchokera pa nkhope ya khoma lina kufika pa nkhope ya linzake, ndipo pulani ya injiniya ndi yomwe imanena kuti ndi ati omwe ali ndi maziko awoawo ndi ati omwe angokhala pa silabu yokhuthalitsidwa.

Ena amataya tsiku lonse akukangana za kusiyana kwa sikweya mita imodzi pa penti, zomwe zimangochokera ku kafupikitsidwe ka manambala, n'kusiya sepitiki thanki yonse yomwe sinalembedwe. Ena amakhulupirira bilu yobwereka kwa mnzawo chifukwa "nyumba zake n'zofanana, zonse n'zazipinda zitatu", osaganizira kuti puloti ya mnzawoyo ndi yosalala pomwe yawo ndi yotsetsereka. Pa puloti yotsetsereka khoma la maziko la mbali ya kumunsi limatalika, dothi lodzazira mkati limachuluka, ndipo pamafunika masitepe olowera m'nyumba. Musanavomereze gawo la maziko, pitani pa pulotipo ndi chingwe ndi paipi ya madzi yoyezera levulo, muone kuti ngodya ya kumtunda ndi ya kumunsi zikusiyana ndi masentimita angati, ndipo nambala imeneyo muyilembe pa pepala la mafunso.